Invoyisi yapita ndi mitengo yolakwika: kodi kasitomala ndimulembere bwanji?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kogulitsa zipangizo za muofesi, ndipo ndinalembetsa VAT. Pa 6 Meyi ndinatumiza invoyisi nambala 0147 ku bungwe lina lomwe linagula marimu 40 a mapepala, makatiriji 6 a tona ya printa ndi mafayilo 50. Dzulo ndazindikira kuti ndinalakwitsa mitengo: rimu ndinalemba K12,000 m'malo mwa K14,500, tona ndinalemba K98,000 m'malo mwa K95,000. Mafayilo ali bwino, K4,200 imodzi. VAT ndinawerengera pa 16.5 peresenti. Ndikakonza, ndalama yonse ikukwera. Imelo yake ndiilembe bwanji kuti asaganize kuti ndikufuna kuwabera? Ndine mayi wa bizinesi, ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, tsegulani fayilo ya kasitomala ameneyu mutulutse mapepala awiri: kotesheni yomwe munawapatsa, ndi LPO yomwe iwo anakutumizirani poitanitsa katundu. Muone mtengo wa rimu womwe walembedwa pamenepo. Nkhani yonse yagona pa nambala imeneyo.

Ngati LPO yawo ikunena K14,500, muli pabwino. Invoyisi ndiyo inaphonya, ndipo mukungoibwezera pa mtengo womwe nonse awiri munasainira. Simukupempha chifundo kwa munthu. Koma mukapeza kuti kotesheni ndi LPO zikunenanso K12,000, ndiye kuti invoyisi sinalakwike ayi. Munagwirizana mtengo wotsika, ndipo zomwe mukufuna tsopano ndi kukweza mtengo katundu atalandiridwa kale. Zimenezo ndi pempho, kasitomala ali ndi ufulu wokana, ndipo simungazitumize pansi pa mutu wakuti "invoyisi yokonzedwa". Ndikunena izi molimba chifukwa ndinaziona ndi maso. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pa tebulo langa panafika mainvoyisi angapo "okonzedwa" omwe kwenikweni anali mitengo yatsopano yovekedwa pa malonda akale. Ogulitsawo ndinkawamvetsa, chifukwa katundu wolowa m'malo anali atadula. Komabe sitinalipire ngakhale imodzi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense mu ofesi yathu akaona mawu akuti "yokonzedwa" ankayamba wayang'ana kaye LPO. Anthu omwe mukuwalembera nawonso adzachita chimodzimodzi.

Ndipitiriza poganiza kuti LPO ili kumbali yanu.

Tsopano ganizirani za yemwe adzagwiritse ntchito imelo yanu. Inu mtima uli pa bambo kapena mayi wa ku ofesi yogula katundu, yemwe mumadziwana naye ndipo mukuopa kuti akuonani molakwika. Koma amene adzasindikize imeloyo ndi kuimata ndi sitepula ndi kalaliki wa ku akaunti, munthu yemwe mwina simunakumanepo naye. Ndagwirapo ntchito imeneyo kwa zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni mmene tebulo lake limakhalira. Pa malipiro aliwonse amasanja mapepala atatu: LPO, pepala la wosunga katundu lotsimikiza kuti katundu analowadi, ndi invoyisi. Atatuwa akagwirizana pa kuchuluka kwa katundu ndi pa mtengo, amalemba vocha, amaimata pamwamba, n'kupititsa mtolowo kwa osaina. Akapanda kugwirizana, mtolowo amauika pambali, ndipo pambalipo pamatha kukhala mwezi wathunthu osakhudzidwa. Munthu ameneyu chimamudetsa nkhawa si khalidwe lanu. Akufuna kudziwa pepala lomwe lafa, pepala lomwe lili moyo, ndi ndalama yeniyeni yoti alembe pa vocha. Akufunanso chinthu choti adzaonetse oditala akadzafunsa chifukwa chake malonda amodzi ali ndi mainvoyisi awiri. Imelo ikamuyankha zimenezi, nkhani ya kuba siibwera n'komwe, chifukwa wakuba salemba masamu ake poyera kuti anthu awatsatire ndi kakyuleta.

N'kutheka ndithu kuti kalalikiyo anaona kale kuti 0147 sikugwirizana ndi LPO, ndipo yangokhala pambali. Choncho yambani ndi foni. Muimbireni yemwe munagwirizana naye malondawo, muuzeni m'mawu ochepa kuti mwapeza cholakwika pa mitengo ya mizere iwiri, kenaka mufunse funso limodzi: invoyisiyo yafika pati? Yankho lake ndilo likuuzeni mapepala oti mukonze. Foni imathandizanso kuti nkhani ya ndalama yokwera asayambe kuimvera pa sikirini. Koma musathere pafoni kapena pa WhatsApp. Mawu a pakamwa salowa m'fayilo.

Ngati sanalipire, njira yoyera ndi kupha invoyisi yakale yonse ndi kirediti noti, n'kutulutsa invoyisi yatsopano ya nambala yakeyake. Kirediti noti ndi pepala lomwe wogulitsa amalemba kunena kuti ngongole yakuti, ya pa invoyisi yakuti, yachotsedwa. Imakhala ndi nambala yake, tsiku lake, nambala ya invoyisi yomwe ikufafaniza, ndi chifukwa. Yanu ikhale ya ndalama yonse ya 0147, pamodzi ndi VAT yake, kuti akaunti ya kasitomala ibwerere pa ziro.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amatsegula fayilo yomweyo pa kompyuta, kusintha mitengo iwiriyo, n'kutumizanso ndi nambala yomweyo ya 0147. Zimaoneka zachidule, koma zimabala mapepala awiri a dzina limodzi ndi ndalama zosiyana. Mapulogalamu ambiri a akaunti amakana kapena amachenjeza munthu akamalowetsa kachiwiri nambala imodzi ya invoyisi kuchokera kwa wogulitsa yemweyo, ndiye kalaliki amangoti "iyi tinalowetsa kale", n'kuiponya m'thireyi. Mapeto ake amalipira yakale ija. Ena amachita zosiyana: amatulutsa nambala yatsopano koma osapha yakale. Chaka china ndinapeza malonda amodzi atalipiridwa kawiri mwa njira imeneyi, chifukwa invoyisi yachiwiri inafika yemwe analandira yoyamba ali patchuthi. Wogulitsayo sanabe dala, koma ndalamayo anali ataigwiritsa kale ntchito, ndipo kubweza kwake kunatenga miyezi itatu ndi mawu owawa. Kirediti noti imodzi ikanaletsa zonsezo.

Invoyisi 0147 musaifufute m'mabuku anu, musaing'ambe. Manambala a mainvoyisi amayenera kutsatana popanda mpata, ndipo nambala yosowa imadzutsa mafunso tsiku lomwe a MRA adzabwere kudzaona mabuku. Isiyeni m'fayilo, kirediti noti imatidwe kumbuyo kwake. Yatsopano itenge nambala yotsatira pa mndandanda wanu. Ngati pakatipa mwalembera makasitomala ena anayi, ndiye kuti ndi 0152, ndipo pamwamba pake palembedwe kuti ikulowa m'malo mwa 0147 ya pa 6 Meyi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa manambalawa ndiwo mtima wa imelo. Pa invoyisi yakale, marimu 40 pa K12,000 ndi K480,000, matona 6 pa K98,000 ndi K588,000, mafayilo 50 pa K4,200 ndi K210,000. Zonse pamodzi K1,278,000, VAT yake K210,870, ndalama yolipira K1,488,870. Pa yokonzedwa, mapepala akukwera kufika K580,000, matona akutsika kufika K570,000, mafayilo sakusintha. Zonse pamodzi K1,360,000, VAT K224,400, ndalama yolipira K1,584,400. Kusiyana kwake ndi K95,530, momwe K82,000 ndi ya katundu ndipo K13,530 ndi VAT. Mlingo wa VAT pa invoyisi yokonzedwa ndi womwe unkagwira ntchito pa nthawi ya malondawo, chifukwa mukukonza mtengo wa malonda omwe anachitika kale.

Taonani mzere wa tona. Pamenepo munawalipiritsa mopitirira ndi K18,000. Pali chiyeso choti munthu akonze pomwe waluza pokha, pomwe wapindula n'kukhala chete. Musayese. Kalaliki akamayerekeza ndi LPO amaona mizere yonse, ndipo akapeza kuti mwakonza wokukomerani nokha, ndiye kuti mwamupatsa chifukwa chenicheni chokukayikirani. Mzere wa tona ndiye mboni yanu yabwino kuposa zonse. Ukusonyeza kuti munabwerera ku LPO mzere ndi mzere, osasamala kuti ndalama ikupita mbali iti.

Imelo yake ingakhale motere. Ndailemba m'Chichewa, ngati bungwelo mumalemberana nalo m'Chingerezi, tsatirani dongosolo lomweli.

> Mutu: Invoyisi 0152 ikulowa m'malo mwa invoyisi 0147, LPO nambala 2231
>
> Okondedwa Bambo,
>
> Monga tinakambirana pafoni m'mawa uno, invoyisi yathu nambala 0147 ya pa 6 Meyi inali ndi mitengo yolakwika pa mizere iwiri. Chonde musailipire. Taifafaniza ndi kirediti noti nambala 0009, ndipo m'malo mwake tatulutsa invoyisi nambala 0152 ya pa 14 Meyi. Ndalama yoyenera kulipira ndi K1,584,400, kuphatikizapo VAT.
>
> Zomwe zasintha ndi izi. Mapepala a A4, marimu 40: tinalemba K12,000 pa rimu, koma mtengo wa pa LPO ndi K14,500, choncho mzerewu wakwera ndi K100,000. Tona, 6: tinalemba K98,000 imodzi, koma mtengo wa pa LPO ndi K95,000, choncho mzerewu watsika ndi K18,000. Mafayilo sanasinthe. Pamodzi ndi VAT, invoyisi yatsopano yaposa yakale ndi K95,530.
>
> Cholakwikachi chinachitika kwathu: tinatenga mitengo pa mndandanda wathu wakale m'malo mwa LPO yanu. Pepani chifukwa cha ntchito yowonjezera yomwe takupatsani.
>
> Kuchuluka kwa katundu sikunasinthe, ndipo akaunti yathu ya ku banki ndi yomweyo yomwe muli nayo kale. Masiku 30 olipirira tiyamba kuwerenga pa 14 Meyi, kutanthauza kuti tsiku lomaliza ndi 13 Juni.
>
> Taphatikiza invoyisi 0152, kirediti noti 0009 ndi kope ya LPO yanu. Tikupempha kuti mutiyankhe kutsimikiza kuti 0147 yachotsedwa pa mndandanda wa zolipira.
>
> Ine wanu,
> dzina, udindo, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni

Nambala za LPO ndi kirediti noti ndangoika zachitsanzo, inu muike zanu. Koma ndifotokoze chifukwa chake zinthu zaikidwa m'malo momwe zili, kuti mukamasintha mawu musagwetse mzati.

Mutu wa imelo uli ndi manambala onse atatu chifukwa pakadzapita miyezi, munthu akamadzafufuza m'bokosi lake adzalemba nambala, osati mawu. Mutu ngati wakuti "Invoyisi yatsopano" kapena "Pepani, onani iyi" sudzapezeka. Ndime yoyamba ili ndi zonse zomwe munthu wotanganidwa akufuna: pepala lakufa, pepala lamoyo, ndalama. Ambiri amawerengera imelo pafoni ali pamsonkhano, ndipo amalekezera pa mizere itatu yoyamba. Mukayamba ndi moni wautali ndi mbiri ya mmene sabata inalili yovuta ku ofesi kwanu, mawu akuti "musailipire" adzapezeka pansi pomwe maso safika. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kulowa m'nkhani osapereka moni kumaoneka mwano. Moni perekani, koma wa mzere umodzi. Moni wautali munapereka kale pafoni.

Mitengo yakale ndi yatsopano yaikidwa moyandikana, ndipo uliwonse wolondola watchulidwa gwero lake, "mtengo wa pa LPO". Mawu amenewa ndi omwe akukuchotserani chikayikiro. Simukunena kuti "mtengo wathu weniweni ndi uwu", zomwe munthu angatsutse. Mukuloza pepala lomwe iwo eni analemba ndi kudinda chidindo. N'chifukwa chake kope ya LPO iyenera kupita limodzi, ngakhale ali nayo. Mukumupulumutsa kalaliki ulendo wa ku kabati.

Za kupepesa, pepesani kamodzi, momveka, ndipo cholakwa muchisenze nokha. Ndalandirapo maimelo omwe "pepani" analembedwa kasanu m'ndime ziwiri, ndipo ndinkamaliza kuwerenga ndisakudziwa ndalama yoti ndilipire. Kupepesa kochuluka kumapatsanso wowerenga maganizo akuti mwina pali china chachikulu chomwe chikubisika, kapena kuti mwakonzeka kusiya K95,530 ija akangokankha pang'ono. Komanso musatchule wantchito wanu. Mawu ngati akuti "mtsikana wathu watsopano ndiye anasokoneza" amakuchepetsani inuyo, chifukwa kasitomala amadzifunsa kuti nanga mwini bizinesi amasaina osawerenga? Chifukwa chenicheni chinenedwe m'chiganizo chimodzi. Ndalemba za mndandanda wakale poganiza kuti n'zomwe zinachitika; ngati chinali china, nenani chimenecho. Osapeka chifukwa chooneka bwino, monga kunamizira kompyuta, chifukwa akadzafunsa mafunso awiri mudzasowa poponda.

Chiganizo cha akaunti ya ku banki musachichotse, ngakhale chikuoneka chosafunika. Njira imodzi yomwe akuba a pa intaneti amabera mabungwe ndi yomweyi: amatumiza imelo yooneka ngati yachokera kwa wogulitsa, yonena kuti invoyisi yoyamba inalakwika, nayi yokonzedwa, ndipo pansi pake pamakhala akaunti ina. Akalaliki ophunzitsidwa bwino akaona invoyisi yolowa m'malo mwa inzake amathamangira kuyang'ana nambala ya akaunti. Mukawauza nokha kuti sinasinthe, mwawachotsera mantha. Pa chifukwa chomwechi, tumizani kuchokera pa adiresi yomwe munatumizira invoyisi yoyamba, ndipo ngati n'kotheka yankhani pa imelo yomweyo ndi Reply All, n'kusintha mutu wokha, kuti onse omwe analandira pepala lolakwika alandirenso lokonzedwa. Ngati a ku akaunti sanali pa imelo yoyamba, funsani adiresi yawo pafoni paja muwaike pa Cc. Ndipo zikachitika kuti mukufunadi kusintha banki, musaphatikize nkhani ziwirizi. Ya banki ipite payokha, pa kalata yosainidwa, nthawi ina.

Za tsiku lolipira, ndaika kuti masiku ayambe kuwerengedwa pa invoyisi yatsopano. Mukanawerengera pa 6 Meyi, masiku 30 akanatha pa 5 Juni. Masiku asanu ndi atatu amenewo ndi mtengo wa cholakwa chanu, ndipo ine ndimaona kuti n'chilungamo kuwapereka, chifukwa kasitomala sakanatha kulipira pepala losagwirizana ndi LPO yake. Ngati mgwirizano wanu unanena kuti masiku amayamba katundu akaperekedwa, tsatirani mgwirizanowo. Chofunika n'chakuti tsikulo lilembedwe ndi nambala, lisasiyidwe m'malere.

Mapepala ophatikiza akhale a PDF, osati Excel kapena Word, omwe aliyense angasinthe. Apatseni mayina omveka, monga INV-0152.pdf ndi CN-0009.pdf. Invoyisi yakale musaiphatikizenso, kuopa kuti wina angasindikize yolakwikayo kachiwiri. Musanadine Send, tsegulani fayilo iliyonse kuchokera mu imelo momwemo muone kuti ndi yoyenera, ndipo muyerekeze ndalama ya m'ndime yoyamba ndi ya pansi pa invoyisi, nambala ndi nambala. Kukonza kamodzi anthu amamvetsa. Imelo yachitatu yokonza yachiwiri ndiyo imayamba kuwononga dzina.

Mwina mwaganizako zobweza imelo yoyamba ija kuti isaonekenso. Sizitheka. Undo Send ya Gmail imagwira kwa masekondi osapitirira 30, ndipo Recall ya Outlook imagwira pakati pa anthu a bungwe limodzi, osati kwa kasitomala wakunja. Invoyisi ya pa 6 Meyi inafika, ndipo mwina inasindikizidwa kale.

Nanga akakuuzani pafoni kuti analipira kale? Pamenepo kupha invoyisi yonse kumangosokoneza, chifukwa m'mabuku awo 0147 yatsekedwa, yadindidwa chidindo cholipira. Njira yosavuta ndi kuisiya, n'kulemba pepala la kusiyana kokha. Ena amalitcha debiti noti, ena amangotulutsa invoyisi yowonjezera. Funsani a ku akaunti kwawo lomwe dongosolo lawo limalandira. Muonetse K100,000 yowonjezera pa mapepala ndi K18,000 yochotsera pa tona, kutsala K82,000, kuphatikiza VAT K13,530. Akafuna kuti mbali yochotserayo ikhale pa kirediti noti yakeyake, apatseni choncho, masamu ake ndi omwewo. Ndime yoyamba ya imelo isinthe: muthokoze chifukwa cha malipiro omwe mwalandira, mutchule ndalama yake ndi tsiku, kenaka munene yotsala.

Apa samalani ndi msonkho womwe bungwe limadula lisanakulipireni. Ngati mulibe setifiketi ya MRA yokumasulani ku msonkho umenewu, bungwe limachotsa gawo lake pa mtengo wa katundu wopanda VAT n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Titenge 3 peresenti, mlingo womwe ogulitsa katundu anauzolowera. Pa K1,278,000 anadula K38,340, choncho mu akaunti yanu munalowa K1,450,530, osati K1,488,870. Wosazindikira amatenga K1,584,400 n'kuchotsa yomwe yalowa ku banki, n'kulembera kasitomala kuti kwatsala K133,870. Wawalipiritsa msonkho womwe iwo anamuperekera kale, ndipo apa ndiye angaoneke wakuba zenizeni. Ngongole yotsala ndi K95,530 basi. Pa iyonso adzadula 3 peresenti ya K82,000, yomwe ndi K2,460, ndipo ku banki mudzaona K93,070. Mukumbukire kupempha setifiketi ya msonkho wodulidwawo pa malipiro onse awiri, chifukwa ndi yomwe mudzagwiritse ntchito pochepetsa msonkho wanu wa pachaka.

Mbali ya VAT ili ndi mawu ake. Invoyisi ya munthu wolembetsa VAT si pepala la anthu awiri okha. Inu mumalengeza VAT ya pamenepo ngati msonkho womwe mwatolera, ndipo kasitomala, ngati naye analembetsa, amaitenga ngati msonkho womwe walipira. Manambala a mbali ziwirizi ayenera kufanana. Ritani ya VAT imaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, kutanthauza kuti malonda a Meyi amalengezedwa pofika pa 25 Juni. Mwayi wanu ndi woti mwazindikira msanga. Invoyisi yakale, kirediti noti ndi invoyisi yatsopano zikatuluka zonse mu Meyi, zimakumana mu ritani imodzi, ndipo chotsala ndi K224,400 yolondola. Mukazengereza mpaka mwezi utatha, kukonzako kudzadutsa miyezi iwiri, ndipo kasitomala yemwe analengeza kale K210,870 adzafunika kukonzanso zake. Ichi ndi chifukwa chokwanira choti imeloyi ipite lero kapena mawa. Ngati malondawo munawadutsitsa kale pa makina kapena pa njira ina ya MRA yotulutsira malisiti a msonkho, dziwani kuti analowa kale m'kaundula wawo, ndipo imelo yanu singawafufute kumeneko. Kukonzako kuyenera kudutsanso m'njira yomweyo, apo ayi kaundula wa MRA adzaonetsa malonda awiri pomwe munagulitsa kamodzi, ndipo VAT adzakufunsani ya onse awiri. Lisiti yoyamba muisunge, ndipo pa sitepe imeneyi khalani pansi ndi akauntanti wanu musanatulutse lisiti ina. Onaninso kuti TPIN yanu, nambala ya msonkho yomwe MRA inakupatsani, ndi ya kasitomala zalembedwa bwino pa mapepala onse atsopano.

Ndibwerere pang'ono ku mbali ija ndinaisiya poyamba, ya LPO yonena K12,000. Zikakhala choncho, tona yokha ndiyo mungakonze popanda kufunsa, ngati LPO ikunena K95,000, chifukwa pamenepo mukubweza zomwe si zanu: kirediti noti ya K18,000 ndi VAT yake K2,970. Za mapepala, mukhoza kulemba kalata ina yofotokoza kuti kotesheni yanu inalakwika ndi kupempha ngati angaganizire mtengo wina. Musatulutse invoyisi yatsopano asanavomere polemba, ndipo m'mabungwe ambiri kuvomerako kumafuna LPO yosinthidwa. Dziwaninso kuti mwina anakusankhani inu pakati pa makotesheni atatu chifukwa cha K12,000 yomweyo, ndiye kukweza pambuyo kungawaike iwo eni m'mavuto ndi oditala. Akakana, K100,000 imeneyo ndi yanu kuisenza. Ine ndikanakhala inu, kwa kasitomala wogula mwezi ndi mwezi, sindikanapempha n'komwe. Ndikanangowadziwitsa mtengo wolondola wa oda yotsatira.

Imelo ikapita, musaiyese yatha mpaka mutalandira yankho lolembedwa lakuti 0147 yachotsedwa. Pakapita masiku awiri a ntchito kuli zii, imbirani a ku akaunti, osati ogula katundu, ndipo mufunse nambala ya invoyisi yomwe ili pa vocha. Akati 0152, mwamaliza. Akati 0147, apempheni aimitse vochayo isanafike kwa osaina, n'kuwatumiziranso imelo ija pomwepo muli pafoni. Mabungwe ena amafuna mapepala enieni okhala ndi siginecha ndi chidindo. Ngati awa ndi otero, tumizani munthu ndi envulopu tsiku lomwelo, ndipo wolandirayo asaine pa kope yanu. Kumapeto kwa mwezi atumizireni sitetimenti yoonetsa mizere itatu motsatana: 0147 ya K1,488,870, kirediti noti 0009 yochotsa K1,488,870, ndi 0152 ya K1,584,400.

Chinthu chimodzi chomaliza choti muchite usiku uno. Mndandanda womwe unabala K12,000 uja mwina sunagwire invoyisi imodzi yokha. Tsegulani 0148 mpaka 0151, ndi zingapo za m'mbuyo mwa 0147, muziyerekeze ndi ma LPO ake. Ngati pali ina ya kasitomala yemweyu yomwe ili ndi vuto lomweli, ilowetseni mu imelo imodzimodziyo, iliyonse ndi kirediti noti yake ndi ndime yake ya manambala, kuti kalaliki uja atsegule fayilo yanu kamodzi.